Momwe mungapezere tiransifa fankishoni ya seketi ndi kuigwiritsa ntchito

Tinene kuti muli ndi sensa yoyeza kuchuluka kwa madzi mu thanki, ndipo imatulutsa voteji ya pakati pa 0 ndi 5 V. Waya wochokera ku thankiko ndi wautali, ndipo penapake wayenda moyandikana ndi waya wa magetsi a m'nyumba. Mukamawerenga pa Arduino, nambala zikungovinavina pomwe madzi ali phee. Chikuvinitsa nambalazo ndi phokoso la 50 Hz, chifukwa magetsi a ESCOM, monganso a ZESCO, amapita mbali imodzi n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo waya wanu watolako pang'ono.

Mankhwala ake amadziwika: rezisita imodzi ndi kapasita imodzi, zolumikizidwa ngati sefa. Funso ndi lakuti sefayo idzachotsa phokoso lochuluka bwanji, ndipo idzachedwetsa bwanji uthenga weniweni wa sensa. Mukhoza kulumikiza n'kumayesa zida zosiyanasiyana mpaka zitatheka, koma tiransifa fankishoni imayankha mafunso awiriwa musanagwire n'komwe waya.

Tanthauzo lake ndi lalifupi. Mumatenga chotuluka, n'kuchigawa ndi cholowa, zonse ziwiri zitasinthidwa kaye ndi njira ya masamu yotchedwa Laplace, yomwe tiifotokoze pa sitepe yachitatu pamodzi ndi chilembo s:

H(s) = Y(s) / X(s)

Apa X ndi cholowa, Y ndi chotuluka, ndipo H ndiyo tiransifa fankishoni. Mukaipeza H kamodzi, ndiye kuti cholowa china chilichonse mumangochichulukitsa nayo: Y(s) = H(s) · X(s). H ndi khalidwe la seketiyo payokha, silidalira zimene mwalowetsa. Tiyeni tiipeze ya sefa yathuyi, ndi R = 10 kΩ ndi C = 10 µF.

Sitepe yoyamba: nenani cholowa ndi chotuluka

Izi zimaoneka ngati zosafunika kunena, koma seketi imodzi ili ndi ma H angapo, kutengera pamene mukuyezera. Ife tikulowetsa voteji ya sensa, yomwe tiitche v_in, kudzera pa rezisita. Mwendo wina wa rezisitayo wakumana ndi mwendo wa kapasita, ndipo mwendo wachiwiri wa kapasita wapita ku giraundi. Chotuluka chathu, v_out, ndi voteji ya pa kapasita, ndipo ndi pamenepo pomwe pini ya A0 ya Arduino yalumikizidwa.

Mukanayezera pa rezisita m'malo mwa pa kapasita, mukanapeza sefa yochita zosiyana kotheratu: yolola zothamanga kudutsa, n'kutsekereza zoyenda pang'onopang'ono. Zida zake zomwezo, H ina. Choncho lembani papepala mawu awiriwa, cholowa ndi chotuluka, musanalembe samu iliyonse.

Sitepe yachiwiri: lembani malamulo a zida zanu

Pali malamulo awiri okha ofunika. Karenti yodutsa pa rezisita ndi kusiyana kwa voteji ya mbali zake ziwiri, kugawa ndi R:

i = (v_in − v_out) / R

Karenti yolowa mu kapasita imayenderana ndi liwiro lomwe voteji yake ikusinthira:

i = C · dv_out/dt

Tikuganiza kuti pini ya Arduino sikukoka karenti yodziwika, ndiye karenti yonse yodutsa pa rezisita ikukathera mu kapasita. Sungani ganizo limeneli, tidzabwererako chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Ma i awiriwa ndi amodzi, ndiye tikawafananiza n'kusanja bwino tikupeza:

RC · dv_out/dt + v_out = v_in

R kuchulukitsa ndi C kumapereka nthawi, m'masekondi. Kwa ife ndi 10 000 × 0.000 01 = 0.1 s. Nambala imeneyi imalembedwa ndi chilembo τ, chomwe chimatchulidwa kuti tau. Samalani ndi maziro pano: µF ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a faradi, ndipo mukaphonya ziro mmodzi mayankho onse otsatira alakwika kakhumi.

Ikwezhoni iyi ikunena zofanana ndi mathanki awiri olumikizidwa ndi paipi yopyapyala. Pamene lina lili lodzaza ndipo linalo lilibe kanthu, madzi amathamanga. Akamayandikira kufanana, amayenda mwaulesi, ndipo kuti afanane ndendende pamatenga nthawi yaitali. Kupyapyala kwa paipi ndiye R, kukula kwa thanki lolandira ndiye C.

Sitepe yachitatu: sinthani ndi Laplace

Vuto la ikwezhoni yathu ndi dv_out/dt. Chifukwa cha iyeyu simungathe kungogawa v_out ndi v_in, popeza chotuluka cha panopa chikudalira zomwe zinachitika kale, osati cholowa cha mphindi ino chokha. Njira ya Laplace imachotsa vuto limeneli. Dzinali ndi la katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, yemwe anamwalira mu 1827, koma amene anazolowetsa akatswiri a magetsi kuwerengera maseketi motere ndi Oliver Heaviside wa ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Pa ntchito yathuyi lamulo lofunika ndi limodzi: paliponse pamene pali d/dt, ikanipo s. Kunena mokwanira, dv/dt imasanduka s·V(s) − v(0), pomwe v(0) ndi voteji yomwe inalipo pa chiyambi. Pofuna tiransifa fankishoni timatenga v(0) = 0, kutanthauza kuti kapasita ikuyamba yopanda kanthu. Zilembo zing'onozing'ono za nthawi zimasanduka zazikulu za s:

RC · s · V_out(s) + V_out(s) = V_in(s)

Tsopano palibenso kakyulasi, kwatsala alijebula ya ku sekondale.

Sitepe yachinayi: gawani, kenako iwerengeni H

Tulutsani V_out(s) kunja kwa mabulaketi, n'kugawa mbali zonse ndi V_in(s):

H(s) = V_out(s) / V_in(s) = 1 / (RCs + 1) = 1 / (0.1s + 1)

Mukachulukitsa pamwamba ndi pansi ndi 10, imalembedwanso kuti H(s) = 10 / (s + 10). Zonse ziwiri ndi zolondola. Yoyamba imaonetsa τ poyera, yachiwiri ndi yosavuta poyang'ana pa tebulo la Laplace, lomwe ndi mndandanda woonetsa zomwe fankishoni iliyonse ya nthawi imasanduka mu s.

Pali njira yachidule yomwe odziwa ntchito amagwiritsa ntchito. Kapasita muitenge ngati rezisita ya kukula kwa 1/(Cs), ndipo seketi yonse isanduka chogawa voteji wamba: (1/Cs) / (R + 1/Cs). Mukachulukitsa pamwamba ndi pansi ndi Cs mupeza 1/(RCs + 1) yomwe ija. Ine ndimakonda kuti wophunzira ayambe wadutsa njira yaitali kangapo, chifukwa yachiduleyi imabisa ganizo lija la v(0) = 0, ndipo munthu amaiwala kuti analipanga.

Musanapite patsogolo, H ikukuuzani kale zinthu ziwiri.

Ikani s = 0. Mukupeza H(0) = 1. Ichi ndi chimene seketi imachita ndi voteji yosasintha: mukalowetsa 3 V n'kudikira, mutulutsa 3 V. Sefa yathu siichepetsa uthenga wa madzi omwe akhazikika.

Kenako funsani kuti ndi s iti yomwe ingachititse pansi pa H kukhala ziro. Apa s + 10 = 0, ndiye s = −10. Nambala yotere imatchedwa polo. Chofunika kwambiri pa polo ndi chizindikiro chake. Polo ya −10 imabala e^(−10t) mu yankho, chinthu chomwe chimazilala nthawi ikamapita, ndiye seketi imakhazikika. Ikanakhala +10 ikanabala e^(+10t), chomwe chimangokulirakulira mpaka china chake chitafika pa malire kapena kupsa. Rezisita ndi kapasita pazokha sizingabale polo yotere, koma mukayamba kubweza chotuluka kuti chikalowenso kudzera mu ampulifaya, zimatheka. Kukula kwa polo kumanena za liwiro: ikatalikira ziro kupita kumanzere, seketi imayankha msanga.

Sitepe yachisanu: lowetsani kulumpha kwa 5 V

Funso loyamba linali la kuchedwa. Njira yabwino yoliyankhira ndi kuganiza kuti cholowa chalumpha mwadzidzidzi kuchoka pa 0 kufika pa 5 V n'kukhala pomwepo. Pa tebulo la Laplace, kulumpha kotere ndi V_in(s) = 5/s. Chulukitsani ndi H:

V_out(s) = (5/s) · 10/(s + 10) = 50 / (s(s + 10))

Kuti tibwerere ku nthawi, tiyenera kuiphwanya fulakishoniyi kukhala tizidutswa topezeka pa tebulo:

50 / (s(s + 10)) = A/s + B/(s + 10)

Pofuna A, phimbani ndi chala s ya pansi kumanzere, ndipo mu zotsalazo ikani s = 0. Mupeza 50/10, ndiye A = 5. Pofuna B, phimbani (s + 10) n'kuika s = −10 mu zotsala. Mupeza 50/(−10), ndiye B = −5. Kanjira kophimba ndi chala aka kamadziwika ndi dzina la Heaviside yemwe uja, ndipo kamagwira bwino ngati mapolo onse ndi osiyana. Tsopano:

V_out(s) = 5/s − 5/(s + 10)

Tebulo likuti 1/s ndi 1, ndipo 1/(s + 10) ndi e^(−10t). Choncho:

v_out(t) = 5 − 5e^(−10t) = 5(1 − e^(−10t))

Yesani yankholi pa malekezero ake awiri. Pa t = 0, e^0 ndi 1, ndiye v_out = 0, zomwe zikugwirizana ndi kapasita yopanda kanthu. Nthawi ikapita ndithu, e^(−10t) imafika pafupi ndi ziro ndipo v_out imafika pa 5 V, monga H(0) = 1 inanenera. Chimodzi mwa ziwirizi chikakana, bwererani pa A ndi B, kawirikawiri ndi chizindikiro cha kuchotsera chomwe chasochera.

Pakati pakepo nambala zili motere. Pa 0.1 s, yomwe ndi τ imodzi, v_out ndi 3.16 V, kapena kuti 63 peresenti ya ulendo. Pa 0.2 s ndi 4.32 V. Pa 0.3 s ndi 4.75 V. Pa 0.5 s ndi 4.97 V, ndipo apa anthu ambiri amangoti yafika. N'chifukwa chake mumamva amisiri akunena kuti dikirani ma tau asanu.

Theka la sekondi pa thanki la madzi si kanthu, chifukwa thanki limatenga mphindi zambiri kuti lidzaze. Koma sensa yomweyi ikanakhala yoyeza liwiro la mota imene mukufuna kuilamulira, theka la sekondi likanakhala lalitali zedi. Masamu sangakusankhireni, amangokuuzani mtengo wake.

Onaninso momwe yankho lagawikira. Chidutswa cha 5 chachokera ku cholowa. Chidutswa cha e^(−10t) chachokera ku polo ya seketi, ndipo chidzaoneka pa cholowa chilichonse chomwe mungaike. Mwachitsanzo, voteji ya sensa ikamakwera mosalekeza ndi 0.5 V pa sekondi, e^(−10t) ikazilala chotuluka chimakwera pa liwiro lomwelo koma chikutsalira ndi τ imodzi, ndiye nthawi zonse chimawerenga 0.05 V kuchepera pa zenizeni.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: lowetsani phokoso la 50 Hz

Apa ndi pomwe H imaonetsa phindu lake lenileni, chifukwa simufunikanso kuphwanya fulakishoni. Cholowa chikakhala funde la saini losalekeza, ndipo seketi ndi yokhazikika, chotuluka chimakhalanso funde la saini la fulikwensi yomweyo. Zimasintha ndi ziwiri zokha: msinkhu wa fundelo ndi kutsalira kwake. Zonse ziwiri mumazipeza poika s = jω mu H, pomwe j ndi nambala ija ya j² = −1, ndipo ω = 2πf.

H(jω) = 1 / (1 + jωτ)

Msinkhu umachulukitsidwa ndi |H| = 1 / √(1 + (ωτ)²), ndipo funde limatsalira ndi ngodya ya arctan(ωτ).

Pa 50 Hz, ω = 2π × 50 = 314 rad/s. Apa ndi pomwe pali msampha wotchuka: kuika 50 pamalo pa 314. Fomula ikufuna ω, osati f, ndipo mukasokoneza yankho lanu lilakwika pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Tikapitiriza, ωτ = 31.4, sikweya yake ndi pafupifupi 987, ndiye:

|H| = 1 / √988 = 0.0318

Phokoso likutuluka litachepa ka 31. Likutsaliranso ndi madigiri 88, koma pa phokoso zimenezo sizitikhudza.

Tiyeni tizione nambalazi mmene Arduino izionera. Pa Arduino Uno, `analogRead()` imagawa 5 V m'magawo 1024, ndiye gawo limodzi ndi pafupifupi 4.9 mV. Phokoso likakhala la msinkhu wa 0.2 V, nambala zimakwera ndi kutsika ndi magawo pafupifupi 41 mbali iliyonse, ndiko kuvina kuja. Likadutsa mu sefa latsala 0.2 × 0.0318 = 6.4 mV, kupitirira pang'ono gawo limodzi. Nambala yomwe inkayendayenda pakati pa 470 ndi 552 tsopano izingosuntha pakati pa 510 ndi 512 kapena chapompo.

Nanga uthenga weniweni? Tiyerekeze kuti madzi akugavira pang'onopang'ono, kamodzi pa masekondi khumi, ndiye f = 0.1 Hz. Apa ωτ = 0.0628, ndipo |H| = 0.998. Wadutsa pafupifupi wonse.

Malire a pakati pa zodutsa ndi zotsekerezedwa amaikidwa pomwe ωτ = 1, ndiye kuti ω = 10 rad/s, nambala ya polo ija, kapena f = 1/(2πRC) = 1.59 Hz. Pamenepa |H| = 0.707 ndipo funde limatsalira ndi madigiri 45. M'mabuku mudzaona akulemba −3 dB, ndi chinthu chomwechi, popeza madesibelo ndi 20·log₁₀|H|. Si khoma ayi, ndi chitsetso. Mukapitirira malirewa ndithu, fulikwensi ikakwera kakhumi |H| imatsika kakhumi. Girafu yoonetsa zimenezi imadziwika ndi dzina la Hendrik Bode, yemwe anaikonza akugwira ntchito ku Bell Labs ku America m'zaka za m'ma 1930.

N'chifukwa chiyani tikuloledwa kuwerengera phokoso palokha ndi uthenga pawokha, pomwe mu waya zikuyenda limodzi? Chifukwa seketi iyi ndi ya mtundu womwe yankho la zinthu ziwiri zophatikizidwa limafanana ndi mayankho awiriwo mutawaphatikiza, ndipo mukawirikiza cholowa chotuluka chimawirikizanso. Popanda khalidwe limeneli tiransifa fankishoni kulibe.

Tsopano mukuona kuti mafunso awiri aja ndi funso limodzi. Mukakweza R kufika 100 kΩ, τ ikhala sekondi imodzi, phokoso lichepa ka 314, koma mudikira masekondi asanu kuti nambala ikhazikike. Mukatsitsa C kufika 1 µF, nambala ikhazikika mu 0.05 s koma phokoso lichepa katatu kokha. Zonse zapachikika pa τ.

Tsimikizani pa kompyuta ndi pa tebulo

Ngati muli ndi Python yokhala ndi SciPy, mizere ingapo ikwanira. Mumapereka manambala a pamwamba ndi a pansi pa H, kuyambira pa mphamvu yaikulu ya s:

```python
from scipy import signal
H = signal.TransferFunction([1], [0.1, 1])
t, y = signal.step(H)
w, h = signal.freqresp(H, w=[314.16])
print(abs(h))
```

Izi zisindikiza nambala ya pafupifupi 0.0318. Dziwani kuti `signal.step` imalowetsa kulumpha kwa 1, ndiye chulukitsani `y` ndi 5 kuti mufananize ndi manambala athu. Mukalemba `[1, 0.1]` m'malo mwa `[0.1, 1]`, kompyuta sidandaula, ingokupatsani yankho la seketi ina ya 1/(s + 0.1).

Pa tebulo logwirirapo ntchito, τ ya 0.1 s ndi yothamanga kwambiri kuti muione ndi malitimita. Ngati mulibe osilosikopu, sinthani zida kwa kanthawi: 100 kΩ ndi 100 µF zimapereka τ = 10 s, yomwe mungaiyeze ndi wotchi ya pa foni. Yambani mwakhuthula kapasita poilumikiza miyendo yake kudzera pa rezisita, onetsetsani kuti mwendo wa mzere wa kuchotsera uli ku giraundi, lumikizani 5 V, ndipo yezani nthawi yofikira pa 3.16 V. Nthawi imeneyo ndiyo τ yanu yeniyeni. Mukapeza masekondi 11 kapena 9 musadabwe. Makapasita a elekitirolitiki ambiri amaloledwa kusiyana ndi zolembedwa pa thupi lake ndi 20 peresenti, ndiye kulemba |H| ndi manambala asanu pambuyo pa kadontho n'kudzinamiza.

Pamene H imakunamizani

Kunena zoona siinama, koma imayankha za seketi yomwe munailemba papepala, osati yomwe mwalumikiza. Kusiyana kumabwera m'njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake.

Yoyamba ndi katundu wa pa chotuluka. Paja tinaganiza kuti palibe chikukoka karenti pa kapasita. Mukalumikizapo chinthu cha 10 kΩ kupita ku giraundi, karenti igawika, ndipo mukalembanso malamulo aja mupeza:

H(s) = 0.5 / (0.05s + 1)

Zasintha ziwiri nthawi imodzi. H(0) yatsika kufika 0.5, ndiye 5 V ikutuluka ngati 2.5 V. Nayonso τ yatsika kufika 0.05 s, chifukwa kapasita tsopano ikuona marezisita awiri a 10 kΩ oyendera limodzi, omwe ndi 5 kΩ. Chizindikiro chake n'chimenecho: voteji ikuima pansi pa pomwe mumayembekezera, komanso ikufikapo msanga. Ngakhale chida choyezera ndi katundu. Malitimita yambiri ili ndi 10 MΩ, zomwe pa 10 kΩ sizioneka, koma osilosikopu ya 1 MΩ imadya pafupifupi 1 peresenti, ndipo pa R ya 100 kΩ idya pafupifupi 9 peresenti. Mbali ya kolowera nakonso kuli nkhani yofanana: ngati sensa ili ndi rezisitansi yakeyake ya mkati, iphatikizeni ku R, apo ayi τ yanu idzatuluka yaitali kuposa ya papepala.

Yachiwiri imachokera pa yoyambayi, ndipo imagwira ngakhale anthu ophunzira bwino. M'kalasi amatiuza kuti zigawo ziwiri zikatsatizana, ma H ake amachulukitsidwa. Ndiye munthu amaganiza kuti akaika sefa yachiwiri yofanana kutsogolo kwa yoyamba apeza:

1 / (0.1s + 1)² = 1 / (0.01s² + 0.2s + 1)

Lamulo lochulukitsa ndi loona pokhapokha chigawo chachiwiri sichikukoka karenti ku choyamba. Apa chikukoka, kudzera pa rezisita yake. Mukalemba malamulo a karenti pa makapasita onse awiri mupeza:

H(s) = 1 / (0.01s² + 0.3s + 1)

Kusiyana kuli pa 0.3 m'malo mwa 0.2 basi, koma taonani zotsatira zake. M'malo mwa mapolo awiri pa −10, muli ndi imodzi pa −26.2 ndi ina pa −3.82. Yaulesiyo ndiyo imalamulira, ndipo τ yake ndi 0.26 s, ndiye kukhazikika kutenga masekondi oposa 1.3. Pa ω = 10 mumayembekezera |H| = 0.5 koma mupeza 0.33. Chodabwitsa n'chakuti pa 50 Hz mayankho awiriwa ndi ofanana, pafupifupi 0.001, chifukwa kumeneko s² ndiyo yakula kuposa zonse. Ndiye mukangoyeza phokoso mudzati zonse zili bwino, cholakwika chidzaonekera pa kuchedwa. Pofuna kuti kuchulukitsa kugwire, ikani opu-ampu, yomwe ndi mtundu wa ampulifaya, yongotsatira voteji pakati pa zigawo ziwirizo, kapena pangani chachiwiri kukhala chopepuka, monga 100 kΩ ndi 1 µF, chomwe τ yake ndi 0.1 s yomweyo koma chikukoka karenti yochepa kakhumi.

Yachitatu ndi v(0) ija. Kapasita ikayamba ili ndi 2 V, H payokha siidziwa zimenezo. Muyenera kubwerera pa sitepe yachitatu n'kusunga chidutswa cha −v(0), chomwe chiwonjezera 2/(s + 10) pa V_out(s). Yankho likhala 5 − 3e^(−10t). Pothera ndi pomwepo, τ ndi yomweyo, koma poyambira ndi pena. Ngati mukubwereza kuyeza kwa wotchi kuja ndipo ulendo wachiwiri mwafika pa 3.16 V msanga kuposa woyamba, kapasita simunaikhuthule yonse.

Yomaliza ndi malire a zida. Tiransifa fankishoni imafuna seketi yomwe kuwirikiza cholowa kumawirikiza chotuluka, komanso yomwe khalidwe lake silisintha ndi nthawi. Mukaikamo dayodi, lamulo loyamba lagwa, chifukwa dayodi ya silikoni siiyamba kudutsitsa karenti yodziwika mpaka pafupifupi 0.6 V. Opu-ampu yopatsidwa 5 V singatulutse 8 V ngakhale H itanena choncho, nsonga za funde zimangodulidwa n'kukhala zafulati. Kuyesa kwake n'kosavuta: lowetsani kulumpha kwa 1 V, kenako kwa 2 V. Ngati yankho lachiwiri ndi loyamba lija litawirikizidwa, pa nthawi iliyonse, pitirizani ndi H yanu. Ngati mawonekedwe ake asintha, H ingagwire ntchito pa kusintha kwakung'ono kokha, pafupi ndi voteji imodzi yomwe mwasankha, ndipo mukasamukira pa voteji ina muyenera kuipezanso mwatsopano.